Galimoto Yomaliza Kutuluka Pageti

Pakampani yogawa katundu ija palibe amene ankamutchula dzina. Onse ankangoti Amakiyi, chifukwa m'mawa uliwonse ndiye ankakhala pawindo la kaofesi ka pafupi ndi geti n'kumapatsa madalaivala makiyi a magalimoto ndi mapepala a katundu. Anali mayi wamfupi, wovala bwino, wa ana awiri, ndipo kunyumba ankasunganso mayi ake omubereka amene miyendo inali itayamba kuwakana. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sitingamulande. Koma anali ndi nthenda imodzi yomwe inamudya kuyambira ali mwana: ankaopa phokoso. Munthu akangomukwezera mawu, mtima unkamuthawa, manja n'kuyamba thukuta, ndipo ankatha kuvomera chilichonse kuti phokosolo lithe.

Amene anamubweretsa pakampanipo anali amalume ake, mlongo wa mayi ake, dalaivala wakalekale pabwalopo. Bambo ake atamwalira, amalumewo ndiwo anamuphunzitsa mpaka kumaliza sukulu, ndipo tsiku lina anamutenga ndi satifiketi yake ili mujumbo, n'kukamuimika kutsogolo kwa bwana wa nthawi imeneyo. Anayamba ndi kuwerenga makatoni, kenako anamuika pakompyuta, kenako pawindo lija. Popeza iye ankawaitana kuti amalume, bwalo lonse linatengera. Alonda, opakira katundu, ngakhale madalaivala a imvi anzawo, onse ankati Amalume. Iwo ankangoseka n'kumati, "Ana onsewa mlongo wanga anabereka liti?"

Kwa zaka zambiri ntchito inkayenda mwa njira imodzi. Magalimoto akabwerako madzulo, opakira ankatsalira n'kupakiratu katundu wa mawa, ndiye m'mawa dalaivala ankangotenga kiyi n'kuliza injini. Koma kuchiyambi kwa chaka chimenecho a bodi, akuluakulu amene amakumana kamodzi pa miyezi itatu kuti aone mmene kampani ikuyendera, anagamula kuti za ovataimu zithe. Ganizolo linali la Wapampando mwiniwake, ndipo anzake anamuombera m'manja. Kupakira kwa madzulo kunathera pomwepo. Tsopano magalimoto onse ankapakiridwa m'mawa, pamene makomo opakirira analipo awiri okha. Yoyamba inkatuluka dzuwa likungotuluka, yomaliza inkatuluka anthu akuganiza za chakudya cha masana.

Vuto lake n'lakuti masitolo akuluakulu amatseka khomo lolandirira katundu masana asanathe. Ukafika atatseka, ngakhale ugwade, amakuuza kuti ubwere mawa. Katundu akagona m'galimoto, kompyuta imalemba kuti wafika mochedwa, ndipo siifunsa kuti galimoto inanyamuka nthawi yanji.

Ndiye pawindo la Amakiyi panasanduka bwalo la nkhondo. Dalaivala aliyense ankafuna kupakiridwa koyamba. Panali wina, wamtali, wa mawu ngati injini yopanda sailensa, amene anzake ankamutchula Bingu la Mvula, ameneyo ankamenya windo ndi chikhatho. Tsiku loyamba lenilenilo, Amakiyi ali njenjenje, Amalume anasendera pafupi n'kunena chapansipansi, "Ndipatse ine yomalizayo, mwanawe, asakudye mutu anthuwa." Anawapatsa. Mawa lake anawapatsanso, koma sanawafunse. Mkuja chimodzimodzi. Njira zopita kumasitolo ankazisinthasintha mwachilungamo, lero uyu kuno mawa uko, monga mwa lamulo la kampani. Koma za amene atuluke pomaliza panalibe lamulo, ndiye pomaliza panakhala pa Amalume, chifukwa anali munthu yekhayo pabwalopo amene sakanamukalipira.

Iwo sankadandaula. Ankakhala pathayala lakutha pamthunzi wa mpanda, akusenda lalanje ndi chikhadabo, n'kumaonerera anzawo akutuluka mmodzimmodzi. Madzulo ankabwerako ndi theka la katundu. Amakiyi ankalandira kiyi osawayang'ana kumaso.

Itatha miyezi itatu, makasitomala anali atatopa, ndipo sitolo ina yaikulu inaopseza kuti ikagula kwina. Manejala anaitanitsa Amakiyi kuofesi yake ya m'mwamba. Manejalayu anali bambo wosalala, wonunkhira, wosakweza mawu ngakhale pang'ono, ndipo anthu otere ndi amene muyenera kuwaopa.

"Mayi, a bodi akufuna lipoti," anatero. "Masamba awiri okha. Mufotokoze chifukwa chake katundu akuchedwa kufika, ndipo pansi pake muike tebulo lachidule, manambala aoneke. Akuluakuluwa sawerenga zambiri. Amayang'ana tebulo, akakhutira ndiye amawerenga mawuwo. Likhale litafika kwa iwo sabata imodzi msonkhano usanachitike."

Amakiyi anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndipo kunena zoona linali lipoti labwino. Ndime yoyamba inanena zimene zachitika: chaka chatha, pa maoda handiredi alionse, ochedwa ankakhala asanu ndi atatu, pamene tsopano afika makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Ndime yachiwiri inanena chifukwa: kupakira kwa madzulo kunatha, makomo ndi awiri, magalimoto akutuluka mochedwa, masitolo akutseka. Yachitatu inanena zimene ayesa kale, yachinayi inapempha a bodi kuti alole kupakira kwa madzulo kubwerere, ngakhale kwa magalimoto ochepa. Tebulo analigawa potengera nthawi yotulukira pageti. Mzere woyamba unali wa magalimoto otuluka m'mamawa, wachiwiri otuluka dzuwa litakwera, wachitatu otuluka chakumasana. Pa mzere uliwonse anaonetsa maoda amene anatumizidwa, amene anachedwa, ndi maperesenti ake. Ngakhale mwana wa pulayimale akanaona kuti manambala akukwera ngati masitepe, ndipo mzere wachitatu ndiwo unasenza pafupifupi zonse.

Manejala anawerenga mwakachetechete, akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo yabwino. Atamaliza anavula magalasi.

"Mwalemba bwino kwambiri. Tsopano tandiuzani, amene anathetsa kupakira kwa madzulo ndi ndani?"

"A bodi, bwana."

"A bodi ake ati? Tchulani munthu."

"Wapampando."

"Ndiye mukufuna ine ndilowe m'chipinda chimene chija, ndiime pamaso pa Wapampando, ndiwauze kuti nzeru zawo zija n'zimene zikutithawitsira makasitomala? Mayi, khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Koma manambala ndi amenewo, bwana. Sindingalembe bodza."

"Ndani wanena za bodza? Ine ndine munthu wopemphera. Musasinthe nambala ngakhale imodzi. Tebuloli mungolitembenuza. M'malo mogawa ndi nthawi yotulukira, mugawe ndi madalaivala. Dalaivala aliyense mzere wake: maoda amene ananyamula, amene anachedwa, maperesenti. Kompyuta ikupatsani pompano."

Amakiyi sanafunikire kompyuta kuti adziwe mzere umene udzatupe.

"Bwana, amene azioneka kuti ndi wochedwa ndi amalume anga. Koma n'chifukwa choti amatuluka pomaliza."

"Tsiku lililonse?"

"Pafupifupi."

"Amawaika pomaliza ndani?"

Manejala anamwetulira mokoma, n'kutsamira pampando.

"Mwaona? Tikasiya tebulo lanu lija, wina pa a bodi afunsa kuti amene amasankha kuti uyu atuluke nthawi yakuti ndi ndani. Afufuza, apeza kuti mayi wa pawindo wakhala akuika munthu mmodzi pomaliza miyezi itatu yathunthu, osauza aliyense, ndipo munthuyo ndi m'bale wake. Wapampando sangadziloze chala, aloza inu. Muli ndi ana angati, paja? Awiri, ndi mayi odwala. Amalume anu ndi munthu wamkulu, atsala pang'ono kupuma. Mwina angowapatsa chenjezo basi. Ine sindikukukakamizani. Pitani mukaganize, koma mawa lipoti likhale pano."

Mawu akuti chenjezo basi anawagwira ngati munthu womira amene wapeza udzu. Ankadziwa kuti udzuwo suli ndi mizu, koma anaugwirabe.

Madzulo a tsikulo, ataweruka, anapita kwa Amalume ndi cholinga chowauza zonse. Anawapeza pakhonde akukonza njinga ya mdzukulu, akazi awo akuchotsa zovala pachingwe. Asanakhale n'komwe, Amalume anayamba kuitana mkazi wawo.

"Amake ana, bwerani mumuone mlembi wa bodi! Ndamva kuti mabwana akuluakulu awerenga zolemba zake. Kamwana kaja ndinkakakweza pahandulo kupita kusukulu, kakulira mamina ali mbwee."

"Amalume, inunso," anatero Amakiyi.

"Uwauze zoona, wamva? Uwauze kuti makomo awiri sangakwane. Ife tikanena amati madalaivala ndi aulesi. Iwe akumvera, uli ndi sukulu."

Azakhali akewo anamubweretsera tiyi m'kapu ya alendo. Anamwa, iwo anamufunsa za miyendo ya mayi ake, anaseka nthabwala ziwiri zitatu. Mawu amene anabwera nawo aja anabwerera nawo kwawo. Pomuperekeza, Amalume anamupatsa malalanje mujumbo kuti akapatse ana.

M'mawa mwake anatembenuza tebulo. Zinali zosavuta mochititsa manyazi: kungosintha pamene kompyuta ikugawira, manambala n'kudzisanja okha. Madalaivala ena onse anali ndi maperesenti ooneka bwino, wina khumi, wina khumi ndi asanu. Bingu la Mvula, womenya windo uja, ndiye anali patsogolo pa onse ngati wosunga nthawi. Pansi penipeni panali Amalume, ndipo pa maoda khumi alionse amene ananyamula, asanu ndi awiri anafika mochedwa. Ndime yachiwiri anailembanso. Za kupakira kwa madzulo zinatsala m'chiganizo chimodzi chaulemu, chakuti ogwira ntchito akuzolowera pang'onopang'ono ndondomeko yatsopano. Pambuyo pake analemba kuti kuchedwaku sikuli paliponse ayi, kwaunjikana pa dalaivala mmodzi, monga mmene tebulo likuonetsera. Ndime yopempha kupakira kwa madzulo anaifufuta, n'kuikapo yakuti oyang'anira achitapo kanthu pa kagwiridwe ka ntchito ka ogwira ntchito ena. Anawerenga kawiri kufunafuna bodza, ndipo sanalipeze. Chimenechi chinamupweteka kwambiri, komanso, tinene zoona, chinamutonthoza.

Sabata imeneyo akanatha kuyamba kusinthasintha galimoto yomaliza. Anaganizapo. Koma m'mawa uliwonse Bingu la Mvula ankafika ndi chikhatho chake, enawo ali pambuyo pake, ndipo dzanja la Amakiyi linkasiya lokha kiyi wa Amalume pamsomali mpaka pomaliza. Amalume ankalandira kiyi n'kumutsinzinira diso, poganiza kuti mankhwala a vutoli ali m'njira.

Tsiku la msonkhano anamuuza kuti adikire panja pa chipinda cha bodi, mwina angamufune. Anakhala pampando wa pakhonde, akumva masupuni akulira m'makapu ndi kuseka kwa anthu okhuta. Kenako sekilitale anasuzumira n'kumukodola.

Chipindacho chinali chozizira, thebulo lalitali lonyezimira, mabotolo a madzi atandandalikidwa. Wapampando anali nkhalamba yonenepa, yamsinkhu wofanana ndi Amalume, lipoti lili patsogolo pake atalizunguliza mzere wapansi ndi cholembera chofiira.

"Ndinu mwalemba izi? Mwachita bwino. Malipoti ena amatizunguza mutu, ili n'lomveka. Ndili ndi funso limodzi. Dalaivala uyu mumamupatsa njira zovuta kuposa anzake?"

"Ayi, bwana. Njira timasinthasintha, aliyense amayenda zonse."

"Galimoto yake imafa kawirikawiri?"

"Ayi, bwana. Amaisamala bwino."

"Katundu amamuchulukira?"

"N'chimodzimodzi ndi anzake."

Mayankho onsewo anali oona. Funso lotsatira linali pafupi kwambiri moti Amakiyi ankalimva likupuma m'chipindamo: amatuluka nthawi yanji? Mayi wina wa magalasi, amene anakhala kumapeto kwa thebulo, anakweza cholembera. Amakiyi mtima unagunda, theka akuopa, theka akupempha Mulungu kuti mayiyo afunse, kuti achite kum'tulutsa choonadi m'kamwa ndi chala.

"Ali ndi zaka zingati bamboyu?" anafunsa mayiyo.

Manejala anayankha kuti atsala ndi zaka ziwiri kuti apume.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyo," anatero Wapampando. "Ife okalamba timadziwana. Akafika pamthunzi amayamba aimika galimoto n'kuwodzera kaye." Chipinda chonse chinaseka, poti Wapampando akaseka, onse amaseka. "Kampani si malo ogonekera agogo. Apite akalere zidzukulu. Mayi, muli ndi chowonjezera?"

Panali kachetechete wokwanira kuti munthu anenemo chiganizo chimodzi. Manejala ankayang'ana zikhadabo zake. Amakiyi anatsegula pakamwa.

"Palibe, bwana."

"Zikomo. A Manejala, mayiyu musamutaye. Malipoti a miyezi itatu azilemba ndiye."

Amakiyi anatsika masitepe. Pabwalo, galimoto ya Amalume inali ikungotuluka kumene pageti, dzuwa lili pamutu, ndipo anamuimbira hutala kawiri.

Kalata inatuluka patapita masiku ochepa. Sinali ya chenjezo. Inati chifukwa cholephera kugwira ntchito moyenera, monga mwa lipoti limene a bodi analandira, ntchito yawo yatha, ndipo anaphatikizapo tsamba la tebulo lija ngati umboni. Manejala sanafune kuwapatsa yekha. Anaitumiza kuwindo, poti kumeneko ndi kumene dalaivala amabweza makiyi, ndipo wochotsedwa ntchito amayenera kusiyanso yunifomu ndi khadi lolowera pageti. Kodi munthu wosalala uja anachita dala kapena sanaganizepo n'komwe? Ine ndikuti sanaganizepo, ndipo kumeneko ndiye kuipa kwenikweni.

Amalume anabwerako madzulo ndi theka la katundu monga mwa masiku onse. Madalaivala ena anali pomwepo akubweza makiyi, ndipo mphekesera inali itawafika kale, moti phokoso lonse linazima. Amakiyi anatulutsa envulopu pawindo.

"Yanga?" anafunsa Amalume. "Andikweza?"

Anafunafuna magalasi m'thumba la malaya, n'kuwerenga ataimirira, milomo ikuyenda. Anawerenga kalata, kenako anatembenuza tsamba n'kutsetsereka ndi chala pa tebulo, mzere ndi mzere, mpaka pansi. Chalacho chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Lipoti lija ndi limeneli?"

"Eya, amalume."

"Walemba ndiwe?"

"Bwana anandiuza kuti..."

"Sindinafunse za bwana. Walemba ndiwe?"

"Ndine."

"Nanga za makomo awiri zili pati? Mwina tsamba lina latsala m'katimo."

Amakiyi misozi inali itayamba, ndipo ankafunitsitsa kuti Amalume akalipe, amenye windo, amutukwane pamaso pa anthu onse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ankalakalaka phokoso. Koma iwo anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba.

Bingu la Mvula, amene manyazi sankawadziwa, anayesa kupeputsa zinthu. "Amalume, musadandaule, mukapume. Ife tikuyenderani."

"Iwe khala chete," anatero Amalume osatembenuka, ndipo munthu wamkulu uja anakhaladi chete. Anthu anali asanawamvepo akulankhula choncho.

Anaika kiyi pawindo. Anavula khadi la pakhosi n'kuliika pambali pa kiyi. Kenako anayamba kumasula mabatani a malaya a kampani.

"Amalume, yunifomu mukhoza kubweretsa mawa," anatero Amakiyi akusisima.

"Mawa ndilowa bwanji, khadi ndakupatsa?"

Anavula malayawo, n'kuwapinda monga amapindira a kutchalitchi, manja kumbuyo, kolala pamwamba. Anatsala ndi vesiti yong'ambika paphewa, ndipo aliyense anaona mmene munthuyo anaondera, mmene khungu la m'mikono linalendewera. Opakira katundu anayang'ana pansi. Mlonda wa pageti anachotsa chipewa, osadziwa kuti akuchotseranji.

"Ndikanakana, akanachotsa ine," anatero Amakiyi. "Ana aja, ndi amayi..."

"Ndikudziwa. Mayi akowo ndi mlongo wanga, sukundiuza zachilendo. Ukanabwera n'kundiuza kuti amalume, pakufunika munthu woti afe kuti ana adye, ndikanakuuza kuti lemba ine. Unabwera, unamwa tiyi, unanyamula malalanje."

Anakankhira malayawo m'katimo. Amakiyi anayesa kugwira dzanja lawo pawindo, koma iwo analibweza mofatsa ngati mmene munthu amabwezera chenji chimene si chake.

"Mlongo wanga usamuuze, ndikamuuza ndekha kuti ndatopa. Angafe ndi mtima." Anayang'ana magalimoto amene anali atandandalikidwa, opanda kanthu, kudikira m'mawa, kenako anayang'ana makomo awiri aja. "Koma tandiuza chinthu chimodzi, mwanawe. Mawa pomaliza uikapo ndani? Uli ndi m'bale wina pano?"

Sanadikire yankho. Anadutsa pakati pa madalaivala, amene anapatuka kuwapatsa njira, ndipo mlonda anawatsegulira geti lalikulu la magalimoto m'malo mwa kakhomo ka oyenda pansi. Anatuluka ndi vesiti yawo, n'kukhotera kumene amakwerera minibasi.

Amakiyi anatsala atagwira malaya aja, akadali ofunda. Pawindo panali pataima kale dalaivala wina ndi kiyi m'manja, ndipo atadikira pang'ono anatsokomola n'kunena kuti, "Amakiyi, pepani, koma mawa ine musandiike pomaliza."